Kuika mitundu ndi masaizi pansi pa kholo limodzi pa Amazon: chitsanzo cha mashati a chitenje

Chaka choyamba chomwe ndinayamba kugulitsa mashati a chitenje pa Amazon ya ku Britain, ndinkadabwa ndi chinthu chimodzi. Ndikalemba mawu ofufuzira shati ya buluu, pankabwera chithunzi cha shati yanga yofiira. Munthu wofuna buluu akaona chofiira sadina, amangopitirira. Ndinakhala milungu ingapo ndikusinthasintha mawu a pa kholo, osadziwa kuti ndikuthirira mtengo wolakwika. Vuto linali mwa ana, ndipo ndinaliikamo ndine ndemwe.

Pa Amazon, katundu mmodzi wokhala ndi mitundu ndi masaizi osiyanasiyana amaikidwa ngati banja. Pali kholo, lomwe pakompyuta limalembedwa `Parent`, ndipo pali ana, `Child`. Kholo siligulidwa. Lilibe mtengo, lilibe chiwerengero cha katundu, lilibe bakodi. Lili ngati chingwe choyanikapo zovala: ntchito yake ndi kugwira ana kuti aoneke pa tsamba limodzi. Chimene wogula amaika m'basiketi ndi mwana, ndipo chimene makina ofufuzira amamuonetsa ndi mwananso. Nchifukwa chake malangizo onse ali m'munsimu akuzungulira pa mfundo imodzi: mwana aliyense anene zoona za iye yekha, kholo lisatchule mtundu kapena saizi.

Mawu akuti mtundu ndiwagwiritsa ntchito kutanthauza kaonekedwe, kufiira kapena kubiriwira, chija ambiri timati kala. Ndikafuna kunena za kusiyana kwa shati ndi diresi ndizinena kuti gulu.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: shati yachimuna ya manja aafupi, ya nsalu ya thonje, yosokedwa pa patani imodzi, ya zitenje zitatu, masaizi `S`, `M`, `L` ndi `XL`. Ndondomekoyi ndi yomweyo pa Amazon ya ku South Africa, yomwe inatsegulidwa mu Meyi 2024, kungoti mawu ololedwa m'madanga ena amasiyana pang'ono.

Choyamba: ndani ali m'banja, ndani sali

Musanatsegule kompyuta, yalani mashati pabedi. Funso ndi lakuti: nditachotsa mtundu ndi saizi, kodi zotsalazo ndi chinthu chimodzi? Kolala ikhale yofanana, manja ofanana, thumba pamalo omwewo, nsalu ya ulusi wofanana, dzina la malonda limodzi. Ngati zonsezi zikugwirizana, ndi banja.

Shati ya manja aatali si m'bale wa ya manja aafupi, ngakhale telala atazidula pa chitenje chimodzi. Ya ana si m'bale wa ya akulu. Diresi ndiye ayi ndithu. Chiyeso chosakaniza chimabwera chifukwa ndemanga za ogula zimaonekera pamodzi pa banja la mitundu ndi masaizi, ndiye munthu amaganiza kuti akalowetsa katundu watsopano m'banja lakale adyera nawo nyenyezi zomwe ogula amapereka pa ndemanga zija. Malamulo a Amazon amaletsa zimenezi, ndipo banja lotere likhoza kuphwasulidwa kapena katundu kuchotsedwa. Koma ngakhale pasanafike pamenepo, kufufuza kumakhala kutasokonekera kale: wofuna manja aafupi adina, apeza tsamba lomwe theka la zithunzi ndi manja aatali, ndipo ndemanga zikudandaula za kutalika kwa manja omwe shati yake ilibe.

Mukatero werengani. Zitenje zitatu kuchulukitsa ndi masaizi anayi ndi ana 12. Koma kwa ine chitenje chobiriwira chinatha telala asanasoke `XL`, ndipo sichikupezekanso pamsika. Ana ndi 11 basi. Musalembe mwana yemwe kulibe pofuna kuti tebulo lioneke lodzaza. Banja silifuna kuti saizi iliyonse ipezeke pa mtundu uliwonse. Wogula akasankha chobiriwira, `XL` imangooneka kuti palibe. Kuphatikiza kholo, fayilo yomwe tidzakweze ku Amazon ikhala ndi mizere 12.

Chachiwiri: manambala odziwira katundu

Mwana aliyense amafuna `SKU` yakeyake, nambala yodziwira katundu wanu yomwe mumapanga nokha. Ipangeni yoti muziimva mukaiwerenga usiku muli ndi tulo.

```
SH01-PARENT
SH01-BLU-S
SH01-BLU-M
SH01-RED-L
SH01-GRN-L
```

`SKU` simungaisinthe mukailemba, ndipo wogula saiona, choncho musavutike kuikongoletsa. Mwana aliyense amafunanso bakodi yake, yogulidwa ku GS1, bungwe lopereka mabakodi: ana 11, mabakodi 11. Buluu `M` ndi buluu `L` ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ngati mukusoketsa nokha ndipo mulibe mabakodi, pemphani `GTIN exemption`, chilolezo chogulitsa popanda bakodi, pa dzina lanu la malonda ndi gulu la zovala, ndipo dikirani kuti avomereze musanakweze fayilo. Dzina la malonda lilembedwe chimodzimodzi pa mizere yonse, chilembo ndi chilembo, chachikulu ndi chaching'ono. Kusiyana kwa kadontho kamodzi kumatha kuchititsa kuti mwana akanidwe m'banja.

Chachitatu: kusankha chomwe chikusiyanitsa ana

Danga lotchedwa `variation_theme` ndi lomwe limauza Amazon kuti ana akusiyana pa chiyani. Kwa ife ndi saizi ndi mtundu pamodzi. M'mafayilo akale limalembedwa `SizeColor`, m'atsopano mumapeza zonga `SIZE/COLOR`. Musalembe kuchokera m'mutu. Fayilo ya gulu lanu ili ndi tsamba la `Valid Values`. Tengani zomwe zalembedwa pamenepo ndendende.

Apa ganizani za chaka chamawa. Ngati lero muli ndi mtundu umodzi wokha koma mukudziwa kuti mubweretsa zitenje zina, sankhanibe saizi ndi mtundu. Kholo likabadwa ndi saizi yokha, simungaliwonjezere mtundu pambuyo pake. Mumayenera kulichotsa n'kupanga lina. Komanso musabise zinthu m'danga losakhala lake. Ndinaonapo munthu atalemba `Blue Long Sleeve` m'danga la mtundu, wina `Pack of 2` m'danga la saizi. Zimalowa ndithu, koma sefa za kumanzere kwa tsamba lofufuzira sizidziwa chochita nazo, ndipo ndi njira yachidule yophwanyira lamulo lija la banja.

Chachinayi: kudzaza fayilo

Banja laling'ono mukhoza kulipanga pa tsamba la `Add Products`. Ine ndimakonda fayilo ya Excel, chifukwa ndimaona ana onse nthawi imodzi ndipo cholakwika chimaonekera poyera. Kukweza fayilo kumafuna akaunti ya `Professional`, ya ogulitsa olipira pamwezi. Mu Seller Central, tsamba la Amazon la ogulitsa, pitani pa `Catalogue`, kenako `Add Products via Upload`, mutsitse fayilo ya gulu la mashati. Tsitsani yatsopano nthawi iliyonse. Ya mnzanu ya zaka ziwiri zapitazo ikhoza kukhala ndi madanga omwe anasinthidwa.

Madanga omanga banja ndi ochepa. Nawa, ndi mayina ake a m'fayilo yakale:

```
item_sku     parent_child  parent_sku   relationship_type
SH01-PARENT  parent
SH01-BLU-S   child         SH01-PARENT  variation
SH01-BLU-M   child         SH01-PARENT  variation
```

M'fayilo yatsopano muwapeza atalembedwa `Parentage Level`, `Parent SKU`, `Child Relationship Type` ndi `Variation Theme Name`, koma ntchito yake ndi yomweyo. Kholo likhale pa mzere woyamba. Danga la `variation_theme` lidzazidwe pa mizere yonse 12, kholo ndi ana, mawu ofanana. Pa mzere wa kholo siyani popanda kanthu mtengo, chiwerengero, bakodi, mtundu ndi saizi. Gulu la katundu likhale limodzi pa mizere yonse.

Chachisanu: mtundu, pomwe chitenje chimavutira

Pano ndipo pali nkhani, ndiye ndikhalitsapo. Mtundu uli ndi madanga awiri, ndipo ntchito zake ndi zosiyana. `color_name` ndi dzina lomwe wogula amaliwerenga pa tsamba akamasankha, mumalipeka nokha. `color_map` ndi mtundu wamba wochokera pa mndandanda wa Amazon, ndipo ndi umene sefa imagwiritsa ntchito. Wogula akadina kabokosi ka buluu kumanzere, makina sayang'ana chithunzi chanu, amayang'ana danga limeneli.

Tsono chitenje sichikhala ndi mtundu umodzi. Changa chija cha buluu chili ndi timizere toyera ndi timadontho tachikasu. Chofiira chili ndi masamba akuda. Munthu woona mtima amati, izi ndi zamitundumitundu, n'kulemba `Multicolour` pa ana onse. Zotsatira zake ndi ziwiri, zonse zoipa. Ngati walemba mawu amenewa m'danga la dzina, ndiye kuti buluu `M`, wofiira `M` ndi wobiriwira `M` onse ali ndi dzina limodzi ndi saizi imodzi. Ana awiri m'banja sangafanane pa zonse ziwiri. Wina amakanidwa kapena amabisika kuseri kwa mnzake, ndipo mumadabwa kuti mwa ana 11 akuoneka anayi okha. Ngati walemba m'danga la sefa, ndiye kuti wosankha buluu sadzaona shati yanu ngakhale ili buluu kuposa za ena onse.

Njira yanga ndi iyi. Ndimapachika shati pakhoma, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pakhomo. Mtundu womwe diso lauona koyamba ndi umene ukulowa mu `color_map`. Chithunzi cha pa foni chimakhala chaching'ono ngati chala chachikulu, ndiye timadontho tachikasu tija palibe amene amationa. Dzina ndimalipanga ndi mawu awiri: mtundu waukuluwo, ndi chomwe chajambulidwa.

```
color_name    color_map
Blue Circles  Blue
Red Leaves    Red
Green Fans    Green
```

`Multicolour` ndimaisungira chitenje chomwe ndaima pakhomo n'kulephereratu kusankha. Zoterozo zilipo, koma si zambiri monga timaganizira.

Mayina awiriawiriwa amathandizanso mukadzabweretsa chitenje china cha buluu. Chikhala `Blue Waves`, sefa yake `Blue` yomweyo, ndipo palibe kuwombana, chifukwa danga la sefa likhoza kufanana pa ana ambiri, lomwe liyenera kusiyana ndi la dzina. Pewani `Blue 1` ndi `Blue 2`, kapena `Design A`. Wogula sizimuuza kanthu, ndipo palibe munthu amalemba zimenezo pofufuza. Mayina omwe amayi amapatsa zitenje kumsika ndi okoma, koma wogula wa ku Leeds sawadziwa. Ngati mukuwafuna aikeni m'mawu ofotokoza katundu, osati m'danga ili.

Chenjerani ndi kalembedwe. `Blue Circles` ndi `Blue circles` ndi `Blue Circle` zikhoza kuoneka ngati mitundu itatu, iliyonse ndi saizi imodzi kapena ziwiri. Lembani kamodzi, kenako kokerani pansi. Kampata kotsalira kumapeto kwa mawu, komwe diso silikaona, nakonso kamavutitsa.

Pali chinthu china chomwe aliyense wogulitsa za chitenje adzakumana nacho. Nsalu imatha. Mwagulitsa `Red Leaves` yonse, wokugulirani wazungulira misika ya ku Lilongwe ndi ku Limbe osachipeza, wabwera ndi chofiira china chokongola, cha maluwa. Mtima umati, ndingosintha chithunzi pa mwana wakale uja, ali kale ndi ndemanga. Musatero. Mwana ameneyo ali ndi `ASIN` yake, nambala yomwe Amazon imapatsa katundu aliyense, ndipo nambalayo ndi ya shati ya masamba. Kuivekera katundu wina ndi kuphwanya lamulo, komanso zithunzi zomwe ogula akale anaika pa ndemanga zawo zidzaonetsa nsalu ina. Chitenje chatsopano chipatseni `SKU` yatsopano, bakodi yatsopano, dzina `Red Flowers`, chilowe m'banja lomwelo. Wakale uja musiyeni pa ziro.

Chachisanu ndi chimodzi: saizi

Pa zovala, Amazon sikulolanso kungolemba saizi mmene mwafunira. Pali madanga angapo ogwirira ntchito limodzi: ndi chovala cha amuna kapena akazi, cha akulu kapena ana, kayezedwe ka dziko liti, saizi ya zilembo kapena ya manambala, kenako saizi yeniyeniyo. Pa shati yathu tisankha amuna, akulu, kayezedwe ka ku Britain, `Alpha`, kenako `S`, `M`, `L` kapena `XL` kuchokera pa mndandanda. Zoyambazo zikhale zofanana pa ana onse. Mukasakaniza, mwana wina `Alpha` wina `Numeric`, mndandanda wa masaizi umabwera wosalongosoka ndipo ena sagwidwa ndi sefa.

Chomwe fayilo singakuchitireni ndi kuyeza. `L` ya telala wanu si nthawi zonse imafanana ndi `L` yomwe wogula anazolowera m'sitolo. Nsalu ya chitenje sitamuka, ndiye shati yothina ndi yothina basi. Tengani tepi, yezani chifuwa cha shati iliyonse, muike tebulo la miyezo pa zithunzi, ndipo saizi muitchule potengera miyezo osati kalebulo komwe telala anasokerera. Shati zikamabwezedwa chifukwa cha kuchepa, ndemanga zake zimagwera banja lonse.

Chachisanu ndi chiwiri: mitu ndi mawu

Apa ndi pomwe panali cholakwa changa chija. Mutu wa kholo usakhale ndi mtundu kapena saizi. Mutu wa mwana ukhale womwewo, kuwonjezera mtundu wake ndi saizi yake kumapeto.

```
DZINALANU Men's African Print Short Sleeve Cotton Shirt
DZINALANU Men's African Print Short Sleeve Cotton Shirt, Blue Circles, M
```

Mu Januwale 2025 lamulo la mitu linati mutu usapitirire zilembo 200 m'magulu ambiri, ndipo mawu amodzi asabwerezedwe koposa kawiri. Magulu ena ali ndi malire aafupi kuposa pamenepo, choncho onani m'fayilo yanu. Mutu waufupi ndi wabwino kale, chifukwa pa foni umadulidwa.

Ine ndinalemba mitu bwino. Koma pa mfundo zisanu zofotokoza katundu zomwe zimaoneka pa tsamba lake ndinaika chiganizo chonyadira: `Available in blue, red and green, sizes S to XL`. Ndinachikopera pa ana onse. Kenako m'danga lobisika la mawu ofufuzira, `generic_keywords`, ndinathiramo mitundu yonse itatu pa mwana aliyense, poganiza kuti ukonde waukulu umagwira nsomba zambiri. Chomwe ndinachita ndi kuuza makina kuti shati yofiira nayonso ndi ya buluu. Munthu akafufuza buluu, ana onse ankayenera, ndipo pankatuluka yemwe ankagulidwa kwambiri, wofiira uja.

Choncho mfundo zofotokoza zinene zomwe ana onse ali nazo: nsalu, kasokedwe, kachapidwe. Zimenezo zikhoza kufanana pa onse. Mitundu ina isatchulidwe, wogula aiona yekha pa timabokosi tosankhira. M'danga lobisika, mwana wa buluu alandire mawu a buluu okha, monga `navy` ngati buluu wake ndi woderapo, pamodzi ndi mawu a onse monga `chitenge`, `kitenge` ndi `wax print`. Dangali lisafike mabayiti 250, ndiye kuti zilembo pafupifupi 250. Likapitirira, mawu onse akhoza kunyalanyazidwa. Musabwereze zomwe zili kale m'mutu, ndi kuwononga malo. Mayina a malonda a anthu ena ndi oletsedwa mmenemo.

Zithunzi ndizidutsa msanga. Chithunzi chachikulu cha mwana aliyense chionetse shati ya mtundu wake yokha, kumbuyo koyera mbee, shatiyo itadzaza pafupifupi chithunzi chonse, mbali yaitali isachepere mapikiselo 1,000. Masaizi anayi a buluu akhoza kugwiritsa ntchito chithunzi chimodzi. Chithunzi cha mashati atatu ali pamodzi sichiyenera kukhala chachikulu pa mwana aliyense, chifukwa wogula sadziwa kuti akugula iti, ndipo wina amayembekeza zonse zitatu.

Chachisanu ndi chitatu: kukweza ndi kuwerenga lipoti

Mukakweza fayilo, tsitsani `Processing Report` ngakhale zitaoneka kuti zayenda. Fayilo imatha kulowa theka: ana apangidwa, koma ubale wawo ndi kholo wakanidwa, ndiye aliyense ali payekha. Manambala a zolakwika omwe mukumane nawo kwambiri ndi ochepa. 8016 imatanthauza kuti zomangira banja sizikukwanira, kawirikawiri `variation_theme` yasiyana pakati pa kholo ndi mwana kapena mwana wina alibe mtundu kapena saizi. 8007 ndi yakuti kholo lomwe mwatchula silikudziwika. Onani kalembedwe ka `parent_sku`, kapena kholo lenilenilo linakanidwa pa chifukwa china pamwamba pa lipotilo. 8032 imabwera mwana akakhala kuti ali kale pansi pa kholo lina. 8541 ndi yakuti bakodi yanu ikugwirizana ndi katundu amene alipo kale koma zomwe mwalemba zikutsutsana naye. Yambani ndi cholakwika cha kholo, chifukwa chimodzi chimenecho chimabala khumi pansi pake.

Ngati ana analipo kale ngati katundu woima payekha ndipo mukungowasonkhanitsa, samalani ndi danga la `update_delete`, lomwe m'fayilo yatsopano ndi `Listing Action`, ndipo mawu ake ofanana ndi awa muwatenge pa `Valid Values`. Pa kholo latsopano lembani `Update`. Pa ana akale lembani `PartialUpdate`, yomwe imangosintha madanga omwe mwadzaza. `Update` imalemba zonse mwatsopano, ndipo danga lomwe mwalisiya lopanda kanthu likhoza kufufuta zomwe zinalipo, mfundo zofotokoza, mawu ofufuzira, zonse. Musanakhudze chilichonse tsitsani `Category Listings Report` musunge, kuti mukalakwitsa mukhale ndi pobwerera.

Chachisanu ndi chinayi: kuyesa ngati wogula

Dikirani. Nthawi zina pamatenga mphindi zochepa, nthawi zina tsiku lathunthu kapena kuposerapo kuti kufufuza kusinthe. Kukweza fayilo kasanu pa ola limodzi kumangokusokonezani, simudziwanso kuti chomwe chasintha zinthu ndi chiti.

Yambani pa `Manage All Inventory`: muone kholo limodzi lokhala ndi ana 11 pansi pake. Kenako tsegulani Amazon pa zenera lachinsinsi la burawuza, osalowa mu akaunti yanu, ndipo ikani positikodi ya ku Britain pa malo otumizirako katundu. Ichi nchofunika ngati mukuyesa muli ku Malawi kapena ku Joni, chifukwa katundu yemwe satumizidwa komwe muli amabisika ndipo mungaganize kuti wasowa. Pa tsamba la shati dinani mtundu uliwonse, muone ngati chithunzi ndi mutu zikusintha limodzi, ndipo masaizi ali mu ndondomeko.

Tsopano fufuzani dzina lanu la malonda pamodzi ndi `blue shirt`. Pabwere chithunzi cha buluu. Bwerezani ndi `red` ndi `green`. Kenako fufuzani popanda mtundu, mudine sefa ya buluu, muone ngati mulipo. Kuti mudziwe ngati mwana akugwidwa ndi mawu osakhala ake, lembani `ASIN` yake ndi mawuwo m'bokosi lofufuzira:

```
B0XXXXXXXX blue
```

Ikani nambala ya mwana wofiira pamenepo. Akatuluka, n'kutheka kuti mawu a buluu adakali penapake mwa iye. Fufuzani m'mfundo zofotokoza, m'danga lobisika ndi m'mawu aatali ofotokoza katundu. Mayesowa si angwiro, makina nthawi zina amaonetsa m'bale wapafupi, koma amakulozerani koyang'ana.

Pali malire omwe muyenera kuwavomereza. Pa zovala, banja nthawi zambiri limatenga malo amodzi pa zotsatira, ndipo munthu akafufuza popanda kutchula mtundu, Amazon ndi imene imasankha mwana woonekera. Palibe batani loti mumusankhe nokha. Kumeneku ndiko kusinthanitsa kwake: mumataya mwayi wooneka katatu, mumapeza tsamba limodzi lomwe ndemanga ndi ogula onse amasonkhanapo. Mukaona shati yanu kawiri, yang'anani ngati imodzi yalembedwa `Sponsored`. Imeneyo ndi yotsatsa yolipira, si vuto. Koma ngati yaoneka kawiri popanda mawu amenewo, ndipo mukadina imodzi palibe posankhira mitundu, ameneyo ndi mwana wamasiye, wagwa m'banja. Komanso mwana yemwe katundu wake watha satuluka pofufuza. Buluu yense akatha, wofufuza buluu akhoza kuona wofiira kapena osakuonani konse, ndipo pamenepo fayilo ilibe mlandu.

Banja likasokonekera

Mwana wamasiye mmodzi amabwezedwa ndi mzere umodzi: `SKU` yake, `PartialUpdate`, madanga omanga banja aja, mtundu ndi saizi. Koma ngati vuto ndi kholo, mwachitsanzo munasankha saizi yokha ndipo tsopano mukufuna mitundu, chotsani kholo lokha. Ine ndimachita zimenezi ndi fayilo ya mzere umodzi, `SH01-PARENT` ndi `Delete`, m'malo modina pa tsamba pomwe dzanja likhoza kuchongera ana onse mosazindikira. Kholo likachoka ana sachoka. Amangoima aliyense payekha, ndi katundu wake, mtengo wake ndi ndemanga zomwe zinalembedwa pa iye. Mwana musamuchotse, makamaka ngati katundu wake ali m'nyumba zosungira za Amazon, chifukwa katunduyo amatsala wopanda tsamba logulitsirapo.

Dikirani mpaka ana aoneke kuti amasuka, mwina mpaka mawa lake. Kenako pangani kholo latsopano ndi `SKU` ina, tinene `SH01-PARENT2`, osati yakale ija, chifukwa yakaleyo imatha kubwerera ndi zomwe inali nazo. Konzani mtundu ndi saizi za ana onse m'fayilo yomweyo, muwalozetse kwa kholo latsopano ndi `PartialUpdate`, mukweze kamodzi. Musachite zimenezi mu Novembala kapena Disembala anthu ali pa chigulugulu cha Khirisimasi. Sankhani sabata yomwe malonda ali zii, Lolemba m'mawa, kuti chikavuta mukhale ndi masiku oti mulembere a `Seller Support` muli ndi nambala ya `Batch ID` ya fayilo yanu m'manja.